Mutu wa kanema wa manyowa a Mbeya: kodi nditsatire mawu amene amatuluka okha pofufuza?

Mayi wa ku Mchinji

Moni nonse a pa gulu lino. Ine ndi mwana wanga timajambula makanema a zaulimi pa foni n'kumawaika pa YouTube, ndipo mwezi watha tinaika kanema wa mphindi 11 wosonyeza mmene timasakanizira gaga, phulusa, ndowe zouma za ziweto ndi feteleza wochepa wa kusitolo, n'kuzimanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21, zimene kuno tonse timangoti Mbeya. Mutu umene ndinaupatsa ndi uwu: "Gawo 4: Kulimbikitsa chonde m'nthaka pogwiritsa ntchito njira zamakono zosaboola m'thumba". Ndinausankha chifukwa unkamveka waulemu, ngati mitu ya m'timabuku ta alangizi. Koma amene aonera mpaka lero ndi okhawo amene tinawatumizira pa WhatsApp, ndipo dzulo mlamu wanga, amene akudziwa bwino kuti kanemayo alipo, anamufufuza kwa nthawi ndithu osamupeza.

Mwana wanga akuti ndizilemba mawu pang'onopang'ono m'bokosi lofufuzira la YouTube ndi kuona mawu amene amatuluka okha m'munsi mwake, kenako nditenge amenewo akhale mutu. Ndayesa, koma zandisokoneza. Nditalemba `mbeya` kunatuluka zambiri za mzinda wa Mbeya wa ku Tanzania. Nditalemba `kapangidwe ka feteleza wa` sikunatuluke chilichonse chokhudza nkhani yanga. Nditayesa Chingerezi, `how to make mbeya`, ndiye pamene anandimalizitsira ndi mawu akuti `fertilizer` ndi `manure`. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti mutu uyenera kukhala wa Chingerezi ngakhale kuti m'kanemamo timayankhula Chichewa chokhachokha? Nanga ndingadziwe bwanji kuti mawu otulukawo ndi amene alimi anzanga amalembadi?

Wokonza mafoni ku Limbe

Amayi, mawu amene amatuluka okha pamene mukulemba amachokera mu kiyibodi ya foni yanu, ndipo kiyibodiyo imaphunzira mawu amene inuyo mumalemba kawirikawiri. Ngati sikukupatsani mawu a Chichewa, ndiye kuti mwina chiyankhulo chake chinaikidwa pa Chingerezi chokha. Pitani pamene mumasinthira zinthu za kiyibodi, muone ngati mungawonjezere chiyankhulo, ndipo muzimitse chosintha mawu chokha chija, chifukwa ndi chimene chimasandutsa "gaga" kukhala mawu ena achilendo.

Wokonza makanema ku Lilongwe

Achimwene a ku Limbe, zimene mwanenazo n'zoona pa kiyibodi, koma amayi akufunsa za chinthu china. Mawu a kiyibodi amaoneka pa kamzere kamodzi pamwamba pa zilembo zotayipira, ndipo amakhalapo ngakhale foni ilibe intaneti. Amene amayi akunena ndi mndandanda umene umatsika kuchokera pa bokosi lofufuzira, ndipo umenewu umachokera kwa YouTube, sutuluka wonse ngati mulibe bandulo. Mndandandawu umapangidwa kuchokera ku zimene anthu ena analembapo kale pofufuza, poganiziranso chiyankhulo, dera limene muli, zimene zikufufuzidwa kwambiri masiku amenewo, komanso zimene inu mwini munafufuzapo.

Mbali yomalizayi ndiyo imapusitsa anthu ambiri, choncho amayi muyambire pamenepo. Muyang'ane kachizindikiro kamene kali kumanzere kwa mzere uliwonse. Ngati ndi kawotchi, mzerewo ndi mawu anu omwe akale, YouTube ikungokubwezerani, ndipo sakuuzani kanthu za anthu ena. Ngati ndi kagalasi kofufuzira, ndiye kuti achokera kunja. Kuti mbiri yanu isalowerere, dinani pa chithunzi cha akaunti yanu m'pulogalamu ya YouTube ndi kusankha `Turn on Incognito`, kenako muyambe kufufuza.

Mukatero musalembe chiganizo chonse nthawi imodzi monga munachitira ndi `kapangidwe ka feteleza wa`. Munthu wofufuza pa foni amalemba mawu awiri kapena atatu, makamaka dzina la chinthucho, choncho inunso muyambe ndi dzinalo. Lembani `mbeya`, siyani mpata umodzi, onjezani chilembo `f` ndipo muime muone zimene zatuluka. Fufutani `f`, ikani `m`, muonenso. Pitirizani ndi `k`, `p`, `z` ndi zilembo zina zimene zimayamba mawu a nkhani yanu. Kenako tembenuzani, muyambe ndi `feteleza wa`, `manyowa a`, `kupanga feteleza`, `kupanga manyowa`. Chilichonse chogwirizana ndi kanema wanu muchilembe m'kope monga momwe chatulukira, ngakhale kalembedwe kake katakhala kolakwika, chifukwa kulakwikako nakonso kukuphunzitsani mmene anthu amalembera. Ntchito imeneyi siposa theka la ola. Mukamaliza mutiuze zimene mwapeza.

Mayi wa ku Mchinji

Zikomo bambo, ndachita monga mwanenera, ndipo ndazindikira kuti mizere iwiri imene ndinkaiona dzulo inali ndi kawotchi, kutanthauza kuti inali yanga yomwe. Nditabisa mbiri yanga, `mbeya f` yandipatsa `mbeya fertilizer` ndi `mbeya fertilizer malawi`, pamodzi ndi zina za ku Tanzania zimene sizikundikhudza. `mbeya m` yandipatsa `mbeya manure`. Pa Chichewa zatuluka zochepa kwambiri: nditalemba `feteleza wa` mzere umodzi unali wa Mbeya, koma `manyowa a` sinandipatse kanthu kogwirizana ndi nkhaniyi. Mawu akuti chonde, nthaka ndi njira zamakono, amene ndinadzaza nawo mutu wanga, sanatulukepo pamodzi ndi Mbeya ngakhale kamodzi. Chimene chandikhudza mtima n'chakuti dzina lenileni la chinthucho mulibe m'mutu wanga wonse wa zilembo 89.

Mnyamata wa ku Joni

Amayi, mwapeza kale yankho. Ine ndili ndi tchanelo cha zometa tsitsi kuno ku Johannesburg, ndipo chimene ndimachita ndi kutenga mizere itatu kapena inayi yoyambirira ya mndandandawo, chifukwa wapamwamba ndiye wofufuzidwa kwambiri, n'kuiika yonse m'mutu motsatizana ndi timizere toimirira pakati pake. Kwa inu zingakhale motere: `Mbeya fertilizer | Mbeya manure | Mbeya fertilizer Malawi | feteleza wa Mbeya`. Mukatero aliyense wolemba mawu alionse mwa amenewo akupezani. Ndayesanso kulemba `mbeya f` pa foni yanga kuno, ndipo mndandanda wake sukufanana ndendende ndi umene mwatchulawo, choncho ndi bwino kuika onse kuti musaphonye.

Wokonza makanema ku Lilongwe

Achimwene a ku Joni, mwatithandiza potiuza kuti mndandanda wanu ndi wosiyana, chifukwa zikutsimikizira kuti dera limasintha zimene munthu amaona. Amayi akufuna alimi a ku Malawi ndi a kum'mawa kwa Zambia, choncho mndandanda wa pa foni yawo ku Mchinji ndiwo woyenera kuukhulupirira kuposa wanu. Koma pa mfundo ziwiri sindikugwirizana nanu.

Yoyamba ndi yakuti mzere wapamwamba ndiwo wofufuzidwa kwambiri. Mndandandawu supereka nambala iliyonse, ndipo kayalidwe kake sikatengera kuchuluka kwa ofufuza kokha. Mzere ukhoza kukwera chifukwa chakuti wayamba kufufuzidwa posachedwapa kapena chifukwa ukugwirizana kwambiri ndi zilembo zimene mwalemba. Chimene tingatengepo mosakayika n'chakuti pali anthu okwanira amene analembapo mawuwo. Kaya ndi ambiri bwanji, mndandandawo sunena.

Yachiwiri ndi yosanja mizereyo m'mutu. Mutu umawerengedwa ndi makina, inde, koma wodina ndi munthu. Mlimi akaona mawu omwewo atabwerezedwa kanayi saphunzirapo kanthu za zimene zili mkati, sadziwa ngati kanemayo akusonyeza kapangidwe, kagulitsidwe kapena kathiridwe, ndipo amadumphira kwa wina amene wanena momveka. YouTube imalola zilembo 100 pa mutu, kuwerengera ndi mipata yomwe, koma pa foni mutu wautali umadulidwa n'kutsala timadontho titatu, moti mawu a kumapeto ambiri sawaona. N'chifukwa chake malo oyambirira ndi odula, ndipo kuwamwaza pa mawu obwereza n'kutaya. Komanso YouTube siyang'ana mutu wokha poyala zotsatira: imaonanso mawu ofotokozera a pansi pa kanema, zimene zili m'kanemamo, ndi mmene anthu amaonerera akatsegula. Kutchula dzina kamodzi pamalo oyenera n'kokwanira kuti idziwe nkhani yanu.

Mlangizi wopuma ntchito

Ndawerenga zonse ndipo ndili ndi nkhawa imodzi imene palibe waitchula. Chinthu chimenechi si feteleza weniweni, ndi manyowa osakaniza ndi feteleza wochepa. Ndagwira ntchito ndi alimi zaka zambiri, ndipo ndinaona mavuto amene amabwera munthu akamva kuti "feteleza" n'kuganiza kuti thumba la Mbeya lili ndi mphamvu yofanana ndi thumba la kusitolo, kenako n'kuthira muyezo umene amathirira wa kusitolo. Tsopano ngati amayi alemba "feteleza wa Mbeya" chifukwa chakuti ndi zimene bokosi lija lawapatsa, kodi sitikulimbikitsa kusamvetsa kumeneku? Anthu ambiri akamalemba chinthu molakwika sichisanduka cholondola. Ine ndikadakonda mutu unene kuti "manyowa a Mbeya", ndipo wofufuza aphunzire dzina loyenera kuchokera pamenepo.

Mphunzitsi wa Chichewa

Alangizi, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo ndibwereranso. Ndiyambe ndi chinthu china chimene ndaona pa mizere imene amayi apeza, chifukwa chikukhudza funso lawo loyamba la mawu omveka mwachibadwa.

Mawu amene munthu amalemba m'bokosi lofufuzira si chiganizo. Ndi zidutswa, monga mmene munthu amalembera pa kapepala kopita nako kumsika. Amasiya timawu tolumikiza monga "wa", "ka" ndi "ndi", sasamala za zilembo zazikulu, ndipo amasakaniza ziyankhulo. Munthu akhoza kulemba `mbeya kupanga` pofufuza, koma munthu yemweyo akaona mutu wakuti "Mbeya kupanga" amaona kuti wolembayo sanasamale. Choncho mndandanda uja ukutiuza mawu amene anthu amatchulira chinthucho, koma ntchito yowalumikiza kuti akhale Chichewa chomveka ndi yathu. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yowerenga mutuwo mokweza ngati mukuuza mnzanu pa dimba. Ngati lilime likupunthwa, kapena ngati simungamuuze choncho munthu maso ndi maso, mutuwo sunapse.

Pa mneni pali njira zitatu: "Kapangidwe ka", "Kupanga" ndi "Mmene mungapangire". Yachitatuyi ndi yaitali ndipo imakankhira dzina la Mbeya kutali. "Kupanga" ndi yaifupi ndipo ili pafupi ndi zimene anthu amatayipa, koma sinena poyera kuti muli malangizo, ikhoza kukhala nkhani chabe ya anthu amene akupanga. "Kapangidwe ka" ndi mawu amene alimi anazolowera kuwamva pa wailesi ndi kwa alangizi, ndipo amalonjeza ndondomeko. Ine ndingasankhe ameneyu ngakhale kuti sanatuluke pa mndandanda.

Palinso vuto la kalembedwe. Ena amalemba feteleza, ena fetereza, enanso fataleza. Komanso chimene amayi akuchitcha gaga, kum'mwera ambiri amati madeya. Pa Chingerezi makina amadziwa bwino kuti mawu awiri osiyana akhoza kutanthauza chinthu chimodzi, koma pa Chichewa sindingadalire kuti adziwa zoti gaga ndi madeya n'chimodzi. Mwina a ku Lilongwe atiuza pamene mawu otsalawo angaikidwe, popeza onse sangakwane m'mutu.

Kubwerera kwa inu alangizi, ine ndikuona kuti mutu ndi chikwangwani cha pa msewu, ndipo chikwangwani chimalembedwa ndi dzina limene apaulendo akulidziwa. Mlimi amene amati feteleza wa Mbeya akapanda kumupeza kanemayo, sadzamva n'komwe chenjezo lanu lija la muyezo.

Wokonza makanema ku Lilongwe

Aphunzitsi afotokoza bwino kusiyana kwa mawu ofufuzira ndi mutu. Ndiwonjezere za chete amene amayi anakumana naye pa `manyowa a`, chifukwa chete ameneyu ndi wosavuta kumumasulira molakwika. Kuti mzere utuluke pamafunika kuti anthu angapo alembe mawu ofanana. Olemba Chichewa pofufuza ndi ochepa poyerekeza ndi olemba Chingerezi kapena Chiswahili, ndipo ochepawo agawikana pa kalembedwe katatu ka feteleza, pa manyowa, ndi pa ena amene amangolemba Mbeya basi. Gulu lililonse limachepa moti silifika poonekera. Palinso ambiri amene amayankhula Chichewa koma anazolowera kufufuza m'Chingerezi chifukwa anaona kuti Chichewa sichiwabweretsera kanthu. Choncho kusatuluka kwa mzere si umboni wakuti palibe amene akufuna nkhaniyo. Nthawi zina kumatanthauza kuti palibe amene anawapatsapo kanema wa m'chiyankhulo chawo.

Apa ndi pamene zofufuza zofanana nazo zimathandiza. Amayi, tsekulani Google, lembani `mbeya fertilizer`, ndipo musadine chilichonse. Tsikani pang'ono, mukhoza kupeza bokosi la mafunso lotchedwa `People also ask`. Tsikani mpaka kumunsi kwenikweni, mupeza mizere ina pansi pa mawu akuti `People also search for` kapena `Related searches`. Kusiyana kwake ndi mndandanda wa m'bokosi n'kwakuti uja umangomalizitsa zilembo zimene mwayamba, pamene iyi imakusonyezani zina zimene anthu ofufuza nkhani yomweyo amafunanso kudziwa, ngakhale mawu ake atakhala ena. Mndandanda wa m'bokosi ukupatsani dzina loyambira mutu, ndipo mizere ya kumunsiyi ikuthandizani kusankha chimene munganene pambuyo pa dzinalo. Mafunsowo akakhala a Chingerezi musadandaule, mutenge funsolo n'kulinena mmene mlimi wa kwanu angalifunsire.

Kumbukirani kuti ofufuza pa Google ndi ofufuza pa YouTube safuna zofanana nthawi zonse. Wa pa Google akhoza kukhala wophunzira amene akulemba kafukufuku wa kusukulu, pamene wa pa YouTube nthawi zambiri akufuna kuona ndi maso mmene chinthu chimachitikira. Mizere yonena za zolemba zamaphunziro muisiye.

Ena adzakuuzani za Google Trends. Kumeneko mukhoza kuyerekeza mmene anthu amafufuzira mawu angapo, kusankha dziko la Malawi, ndi kusintha `Web Search` kukhala `YouTube Search`. Manambala ake a 0 mpaka 100 si chiwerengero cha anthu, amangoyerekeza ndi nthawi imene mawuwo anafufuzidwa kwambiri. Pa mawu a Chichewa kawirikawiri imangonena kuti palibe zokwanira kusonyeza, choncho musathere bandulo kumeneko.

Mayi wa ku Mchinji

Ndapita pa Google ndipo ndaona mizere ya kumunsi ija. Yambiri ikuzungulira pa zinthu zitatu: zofunika posakaniza ndi miyezo yake, masiku osungira, ndi kathiridwe kake m'munda wa chimanga. Funso la kathiridwe ndi limene labwera mobwerezabwereza, ndipo ndikudziwa kuti ndi limenenso anzanga amandifunsa kutchalitchi, kuti kodi amathira wochuluka bwanji pa phando ndipo kodi angagwiritse ntchito pobereketsa. Vuto n'lakuti kanema wathu amathera pamene tamanga thumba. Za kathiridwe ndinangotchula m'chiganizo chimodzi kumapeto, kuti tidzasonyeza mvula ikagwa. Mwana wanga akuti tilembebe "kapangidwe ndi kathiridwe" popeza ndatchulako ndithu, ndipo ndi zimene anthu akufuna. Mtima wanga sukuvomera kwenikweni, koma ndikuopanso kutaya anthu amenewo.

Wokonza makanema ku Lilongwe

Amayi, mtima wanu ukunena zoona, musalembe za kathiridwe. Taganizirani mlimi amene Mbeya wake wapsa kale ndipo akufuna kudziwa muyezo wa pa phando. Akaona mutu wanu adzatsegula, adzathamangitsa kanemayo kufunafuna mbali ya kumunda, sadzaipeza, ndipo adzatseka pasanathe mphindi imodzi atawononga bandulo yake. YouTube imaona kuti anthu obwera ndi mawu amenewo sakukhalitsa, ndipo zimenezi sizithandiza kanemayo kukwera. Ilinso ndi lamulo loletsa mitu yolonjeza zimene mulibe m'kanema. Funso la kathiridwe mulisunge, ndi mutu wa kanema wanu wotsatira, ndipo mwaupeza musanajambule, zimene ndi zabwino kuposa kuufuna mutajambula kale.

Pa zitatu zimene mwapeza, kanema wanu akuyankha ziwiri, miyezo ndi masiku. Nayi mitu iwiri imene ndayesa kulumikiza:

"Kapangidwe ka feteleza wa Mbeya: miyezo ya gaga, phulusa ndi manyowa"

"Kapangidwe ka manyowa a Mbeya: miyezo ya gaga, phulusa ndi feteleza"

Woyamba uli ndi zilembo 68, wachiwiri 67. M'mitu yonse iwiri dzina la Mbeya latha kutchulidwa pofika chilembo cha 31, choncho ngakhale foni itadula kumapeto, chofunikacho chaoneka kale. Muonenso kuti mitu yonse iwiri ili ndi mawu onse awiri, feteleza ndi manyowa, kusiyana kwake ndi amene waima pafupi ndi Mbeya. Mawu akuti "Gawo 4" ndawachotsa kutsogolo chifukwa munthu wobwera pofufuza sadziwa za magawo atatu oyambawo, ndipo akhoza kuganiza kuti ayenera kuyamba waonera amenewo. Ngati mukuwafuna, aikeni kumapeto kapena sonkhanitsani makanemawo pa mndandanda umodzi wa tchanelo chanu.

Funso la aphunzitsi la mawu otsala: malo ake ndi mizere iwiri yoyambirira ya mawu ofotokozera, yolembedwa ngati ziganizo zenizeni. Mwachitsanzo mukhoza kunena kuti m'kanemayu mukusonyeza kapangidwe ka manyowa a Mbeya, amene ena amati feteleza wa Mbeya, pogwiritsa ntchito gaga kapena kuti madeya, ndipo amapsa pa masiku 21. Kalembedwe kena monga fetereza ndi fataleza kaikeni m'bokosi la `Tags`. YouTube yokha imanena kuti bokosi limeneli silithandiza kwambiri kuti kanema apezeke, kupatula pa mawu amene anthu amawalemba mosiyanasiyana kapena molakwitsa, ndipo vuto lanu ndi lomwelo.

Mnyamata wa ku Joni

Ndamva za kubwereza mawu ndipo ndivomera kuti mitu yanga ina imadulidwa pa foni. Koma pa Chingerezi sindinakhutire. Mizere itatu mwa inayi imene amayi anapeza ndi ya Chingerezi, ndipo inu nomwe mwanena kuti Amalawi ambiri amafufuza m'Chingerezi ngakhale akufuna kumva Chichewa. Ine ndine mmodzi wa iwo. Mitu iwiri mwaperekayo ilibe mawu ngakhale amodzi a Chingerezi. Kodi munthu wolemba `how to make mbeya fertilizer` adzampeza bwanji kanemayu? Pa zilembo 100 zija patsala malo opitirira 30, bwanji osaika `Mbeya fertilizer` kumapeto?

Wokonza makanema ku Lilongwe

Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindinena kuti mwalakwa. Dzina la Mbeya ndi limodzi m'ziyankhulo zonse ziwiri, choncho mbali ina ya ntchitoyo yachitika kale, koma n'zoona kuti kanema amene mutu wake uli ndi mawu enieni a wofufuzayo amakhala ndi mwayi woposa. Kuwonjezera mawu awiriwo kumapeto kwa mutu woyamba kungaufikitse pafupi ndi zilembo 87, ndipo sikuphwanya lamulo lililonse. Choopsa chake n'chakuti mudzakoka anthu a maiko ena amene samva Chichewa, ndipo iwo adzatseka msanga.

Mu YouTube Studio, mmene mwini tchanelo amayendetseramo makanema ake, muli njira ina yoika mutu ndi mawu ofotokozera omasuliridwa m'chiyankhulo china, ndipo omasuliridwawo amathandizanso pofufuza. Koma kwa ife ili ndi msampha. Mutu womasuliridwa umaonekera kwa munthu amene YouTube yake inaikidwa pa chiyankhulo chimenecho, ndipo mafoni ambiri kuno ali pa Chingerezi. Ndiye kuti mlimi wa ku Mchinji yemweyo akhoza kuona mutu wa Chingerezi m'malo mwa wa Chichewa uja tauvutikira. Amayi akasankha njira imeneyi, mutu wa Chingereziwo unene poyera kuti kanemayo ndi wa m'Chichewa.

Mphunzitsi wa Chichewa

Ine ndikadakonda mutu ukhale wa Chichewa chokha, ndipo Chingerezicho chipite m'chiganizo chachitatu cha mawu ofotokozera. Chifukwa changa n'chakuti mutu wa Chichewa pakati pa mitu ya Chingerezi umadziwitsa mlimi nthawi yomweyo kuti uyu ndi wa kwathu ndipo ndimva zonse, ndipo chimenecho chokha chikhoza kumuchititsa kudina. Komabe ndikuvomereza kuti ndikunena zimene ndikuganiza, pamene achimwene a ku Joni akunena zimene iwo amachita akamafufuza.

Mlangizi wopuma ntchito

Mwa mitu iwiri ija ine ndikadali pa wachiwiri, umene ukuti manyowa a Mbeya, makamaka popeza mawu akuti feteleza alimo kale kumapeto. Koma ngati amayi asankha woyamba, pempho langa ndi lakuti chiganizo choyamba cha mawu ofotokozera chinene kuti awa ndi manyowa osakaniza ndi feteleza wochepa, ndipo muyezo wake wothirira si wofanana ndi wa feteleza wa kusitolo. Chikakhala pansi kwambiri palibe adzachiwerenge.

Wokonza makanema ku Lilongwe

Amayi, mutu uliwonse umene musankhe, kusintha sikuchotsa owonera amene alipo kale ndipo ulalo umene munatumiza pa WhatsApp ugwirabe ntchito. Musinthe mutu ndi mawu ofotokozera okha, chithunzi cha pachikuto muchisiye kaye, kuti mudziwe chimene chabweretsa kusintha. Lembani m'kope tsiku limene mwasintha, ndipo mudikire milungu itatu kapena inayi osakhudzanso.

Ikakwana nthawiyo tsekulani YouTube Studio, sankhani kanemayo, pitani pa `Analytics` kenako pa `Reach`. Choyamba muone ngati `YouTube search` yayamba kuoneka pakati pa njira zimene anthu akufikira kanemayo. Pansi pake pamakhala mawu enieni amene anthu analemba asanakupezeni, ndipo amenewa ndi umboni woposa mndandanda uja wa m'bokosi, chifukwa ndi a owonera anu enieni. Mukapeza kuti ambiri akubwera ndi mawu a Chingerezi, achimwene a ku Joni adzakhala kuti ananena zoona. Owonera akakhala ochepa kwambiri mawuwo sangaoneke onse, choncho musadabwe mukapeza ochepa.

Chachiwiri ndi `Impressions click-through rate`, imene imasonyeza kuti mwa maulendo 100 alionse amene kanemayo anaonetsedwa kwa anthu, ndi angati amene munthu anadina. YouTube imanena kuti theka la matchanelo ndi makanema amakhala pakati pa 2 ndi 10 pa 100. Kanema akamaonetsedwa kwambiri koma odina n'kukhala ochepa, mawu ofufuzira mwawapeza koma mutu kapena chithunzi sichikukopa. Akamadina koma n'kuchoka m'masekondi 30 oyamba, mutu walonjeza chimene chiyambi cha kanemayo sichikupereka msanga. Muchenjerenso ndi nyengo: mvula ikamayandikira anthu ofuna nkhani ya Mbeya amachuluka okha chifukwa ndi nthawi yokonzekera kubzala, choncho kukwera kwa owonera pa nthawi imeneyo sikungakhale kwa mutu wokha. Mawu ofufuzira aja ndiwo adzakuuzeni zambiri kuposa chiwerengero chonse.

Mayi wa ku Mchinji

Zikomo nonse. Ndasintha madzulo ano, ndipo ndatenga mutu woyamba, "Kapangidwe ka feteleza wa Mbeya: miyezo ya gaga, phulusa ndi manyowa", chifukwa nditauwerenga mokweza kwa apongozi anga anadziwa nthawi yomweyo chimene chili mkati, ndiponso umu ndi mmene anthu a m'mudzi mwathu amatchulira. Alangizi, chiganizo chanu chija ndachiika poyambirira penipeni pa mawu ofotokozera, ndipo tikadzajambula wa kathiridwe ndidzachinena ndi pakamwa tisanayambe kuthira. Chingerezi ndachiika m'chiganizo chachitatu monga ananenera aphunzitsi, ndipo tsiku ndalemba m'kope. Mwana wanga akadali kumbali ya achimwene a ku Joni, moti tagwirizana kuti tikadzaona mawu a mu `Reach` mwezi wamawa ndi pamene tidzagamule ngati tiwonjezere `Mbeya fertilizer` kumapeto. Chimene ndikukayikabe ndi gaga. Kodi a kum'mwera akaona mawu amenewa m'mutu amva msanga, kapena ndiike madeya m'malo mwake?

Wokonza mafoni ku Limbe

Amayi, pepani kuti poyamba sindinamve bwino funso lanu. Pa gaga ndingakuyankheni: kuno timati madeya, ndipo makolo anga ku Thyolo amatero, koma ambiri gaga timamumva ndithu, makamaka akatchulidwa pamodzi ndi phulusa ndi manyowa. Ndayesa kulemba `madeya` ndi `gaga` m'bokosi la YouTube mbiri yanga nditaibisa. `gaga` yandipatsa mizere ya nyimbo za kunja yokhayokha, ndipo `madeya` sinandipatse chilichonse chokhudza ulimi, choncho pa funso limeneli bokosilo silikuthandizani. Mufunse anthu a m'maboma amene mukufuna kuti kanemayo akafike.